Chithunzi Chachinayi

Mkazi wa kalipentala ankatumiza zithunzi za mipando pa Fesibuku, ndipo mawu ake ankakhala olunjika ngati msomali. Koma mlamu wake atangochita kosi ya zamalonda pa intaneti, anabwera ku shopu atavala jekete masana kukutentha, nalengeza kuti mayiwo amalemba ngati chikwangwani cha kuchipatala.

Chimene chinkagulitsidwa chinali tebulo lopinda lokhomera pakhoma. Mwini lesitilanti wina analonjeza kuti akaona pa tsambalo mmene limagwirira ntchito, adzaitanitsa matebulo a chipinda chake chonse. Kalipentala anali asanapezepo ntchito yaikulu chotere.

Mayiwo anali atajambula kale zithunzi zisanu zotsatizana, zija munthu amakankha ndi chala kuti aone chotsatira, chilichonse ndi mzere wake pansi: pezani khoma la njerwa, boolani, mangani ndi masikuluwu, kokani kachitsulo kapansi mpaka kalire kuti "khe", ndiyeno ikanipo katundu.

“Alamu, anthu sagula masikuluwu, amagula maloto,” anatero Wajekete akupukuta utuchi pa mpando ndi mpango.

“Nanga maloto amamangidwa ndi sipanala yanji?” anafunsa mayiwo.

Mwamuna wawo anangoyang'ana pansi, poti m'bale ndi m'bale. Mayiwo anapereka foni mtima ukuwawa.

Wajekete analemba usana wonse. Chithunzi choyamba: “Moyo watsopano wayamba.” Chachiwiri: “Tsegulani mwayi.” Chachinayi, cha kachitsulo kaja, anati chala cha mayiwo chili ndi vanishi ndipo chikuipitsa mbiri ya kampani. Kampani yake iti, ya anthu awiri ndi galu? Anachichotsa, naikapo chake atatsamira tebulo, mano onse pamtunda, pansi pake n'kulemba kuti “Khalani bwana.” Anzake a ku kosi anathirapo timitima tambirimbiri.

Mawa lake mwini lesitilanti anatenga tebulo limodzi lokayesa. Mayiwo anafuna kumuonetsa kachitsulo, koma Wajekete anawatchinga ndi jekete lake lomwelo.

“Zonse zili pa tsamba, bwana. Ingotsatirani zithunzi.”

Anatsatiradi. Anaboola, anamanga, anatsegula mwayi, nakhala bwana poikapo poto wa supu yotentha. Tebulo linadzipinda lokha, supu yonse pa miyendo ya wophika wake. Madzulo pansi pa zithunzi zija panabwera ndemanga imodzi, ya chithunzi cha phazi lomangidwa bandeji.

Wajekete anati ayankhe ndemangayo mwaukatswiri. Mayiwo anamulanda foni. Anabwezera chithunzi chachinayi, chala chavanishi chomwecho, nalemba mzere wawo wakale. Sizinathandize, mwini lesitilanti anali atapita kale kwa kalipentala wina wa kutsidya kwa msewu.

“Komabe anthu ambiri aona,” anatero Wajekete.

Mwamuna wa mayiwo anatenga jekete lija pa msomali pamene linakolekedwa, nalipereka kwa m'bale wake, n'kumutsegulira chitseko.