Magazi a Kuchimuna

Celestina atabwerako ku Blantyre kumene anamuchotsa bere lakumanzere, anabweretsa uthenga kwa mng'ono wake Lusia. Madokotala anati popeza khansa yamugwira ali ndi zaka 36 zokha, abale ake akaonane ndi namwino wina amene amabwera ku Mangochi kamodzi pamwezi.

"Ndikaonane naye za chiyani? Ine sindikudwala," anatero Lusia.

"Akuti akufuna kumva za mtundu wathu."

Lusia ankagulitsa usipa wouma mumsika wa pa boma, ndipo anzake ankamudziwa kuti ndi munthu wa mafunso. Sankagula mankhwala osafunsa kuti m'thupi amakachita chiyani. Namwino wofuna kumva za mtundu wa munthu anali asanamuonepo, choncho tsiku litakwana anasiyira mnzake nsomba napita.

Namwinoyo anali Mayi Yasmin Zubair, mwana wa ku Mangochi komweko, amene anaphunzira za matenda akumtundu. Sanatenge jekeseni kapena kumuuza kuti avule. Anakoka mpando, nayamba kufunsa. Amayi alipo? Abale awo a amayiwo? Amene anamwalira, anadwala chiyani, ali ndi zaka zingati?

Lusia anayankha mosavuta. Amayi ake, a Esime, anali a ku Lungwena, ndipo mbumba yawo yonse ankaidziwa. Agogo anamwalira atakalamba kwambiri. Amalume anamira pa nyanja. Wina anapita ndi chifuwa chachikulu. Wa khansa panalibe, kupatula mayi aang'ono amene anadwala ya khomo la chiberekero.

"Imeneyo imayamba ndi kachilombo, si yakumtundu," anatero a Zubair. "Nanga kwa abambo anu?"

"Kwa ababa? Kumeneko si kwathu. Ndiponso iwo ndi mwamuna. Bere alitenga kuti?"

A Zubair anamwetulira. "Kuno timawerenga mtundu kuchikazi, ndikudziwa. Koma thupi lanu linatenga theka kwa amayi, theka kwa abambo. Muli tinthu ting'onoting'ono m'thupi timene timalamula mmene thupi limangidwire. Pachingerezi amati jini."

"Majini?" Lusia anadzidzimuka pang'ono.

"Osati aja ochotsa kwa asing'anga ayi. Dzina lokha ndi limene likufanana. Kalikonse timakhala nato tiwiri, kena ka amayi, kena ka abambo. Tina mwa timeneti ntchito yake ndi kukonza pamene pawonongeka m'thupi, khansa isanayambe. Munthu akabadwa kamodzi kali kolakwika, mpata wodwala khansa ya m'mawere kapena ya m'thumba la mazira umakula. Mwamuna akhoza kukhala nako osadwala, n'kupatsira mwana wake wamkazi."

"Ndiye achemwali anga ali nako?"

"Sindikudziwa. Mwa amayi khumi odwala khansa ya m'mawere, ochita kutengera kumtundu sapitirira mmodzi. Chimene chatichititsa kufunsa ndi chakuti yawagwira akadali aang'ono. Tikamva kuti kwa abambo anu kunali enanso, nkhani ikhala ina."

Lusia anazindikira kuti za kwa abambo ake sankadziwa chilichonse. A Avelino anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ali mnyamata, nakwatira ku Lungwena, n'kukhazikika. Ankadziwa kuti ali ndi mng'ono wawo, a Mateus, ku Mandimba. Basi. Anatuluka m'chipatala akudabwa kuti wafika zaka 31 osadziwa dzina la agogo ake akuchimuna.

Loweruka anapita ku Lungwena. Anapeza abambo ake pa shedi pamene amakonzera njinga, akumata chubu. Anakhala pa benchi n'kuwagwirira pampu.

"Ababa, amayi anu dzina lawo anali ndani?"

A Avelino anamuyang'ana. "Lero bwanji?"

"Ndangofuna kudziwa."

"Anali a Rozina."

"Anafa ndi nkhondo?"

"Ayi. Nkhondo inawapeza atapita kale." Anaika chubu m'beseni la madzi n'kuyang'ana ngati patuluke thovu. "Anali ndi chilonda pa bere. Chinayamba ngati kambulu, kenako chinaphulika. Anthu ankati anawalodza akazi anzawo. Mateus anali atangosiya kuyamwa."

"Ndiye anali asanakalambe."

"Ngati Celestina. Kapena kuposa pang'ono."

Mafunso a Lusia anali akubwerabe. Anafunsa ngati abambo akewo anali ndi alongo. Anali nawo awiri. Mmodzi anasowa pothawa nkhondo. Wina, a Filomena, anafika nawo ku msasa wa othawa kwawo, ndipo anamwalira patapita zaka, ali ndi zaka za m'ma 40.

"Mimba inatupa," anatero a Avelino. "Anthu ankamuyamikira kuti ndi woyembekezera. Kuchipatala ankamupopa madzi, n'kudzazanso. Dokotala anati chotupa chili m'mazira."

"Bwanji simunatiuzepo?"

"Anandifunsa ndani? Ine kuno ndine mkamwini. Ana mumafunsa za kwa amayi anu."

Mwezi wotsatira anapita atatu: Lusia, Celestina ndi abambo awo, amene anavala jekete ngati akupita ku tchalitchi. A Zubair anamvetsera zonse, akujambula banjalo papepala, akazi timizere tozungulira, amuna timabokosi. Atamaliza anatembenuzira pepalalo kwa iwo.

"Onani. Agogo, bere, akadali aang'ono. Azakhali, mazira. Tsopano a Celestina. Mibadwo itatu, mbali imodzi. Za akalewo sitingatsimikize, poti palibe anapima, koma zikaoneka chonchi timakayikira kwambiri."

A Avelino anayang'anitsitsa pepalalo. "Ndiye kuti mwana wangayu ndamudwalitsa ndine."

"Bambo, kodi utali wanuwu munachita kusankha? Izinso n'chimodzimodzi. Simunasankhe kulandira, simunasankhe kupereka. Ndipo zimene mwakumbukirazi ndi zimene zitithandize kuteteza otsalawa."

Anafotokoza kuti madokotala ena a ku Blantyre anali pa kafukufuku, ndipo ankatumiza magazi ku Joni, poti kuno makina ake kunalibe. Zotsatira zinkatenga miyezi. Lusia anapinda dzanja la bulauzi nthawi yomweyo.

A Zubair anamuletsa. "Osati inu kaye. Timayamba ndi amene wadwala. Tikapeza cholakwika mwa a Celestina, tidziwa chenicheni choti tifufuze mwa inu. Tikayamba ndi inu n'kusapeza kanthu, sitingadziwe ngati mulibe kapena tafufuza polakwika."

"Chikapezeka mwa iwo, ine ndili nachonso?"

"Mpata ndi theka. Mwana aliyense payekha, wamwamuna kapena wamkazi. Kupezeka mwa mkulu wanu sikuchepetsa kapena kuwonjezera mpata wanu."

Celestina anavomera. Anati wabayidwa kale kambirimbiri, kamodzi kena sikangamuphe.

Zotsatira zinabwera mvula itayamba. Cholakwikacho chinapezeka, m'kanthu kotchedwa BRCA1. Kwa Celestina zinatanthauza kuti bere lotsalalo liziyang'aniridwa pafupipafupi, ndiponso kuti akambirane ndi madokotala zochotsa mazira, popeza anali atamaliza kubereka ndipo khansa ya kumeneko siioneka msanga.

A Zubair anaitana Lusia payekha. Ulendo uno sanafulumire.

"Musanapereke magazi, ndiuzeni. Ndikadzati muli nacho, mudzatani?"

Lusia anali asanaganizepo zimenezo. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti pali chinthu chimene mwina sangakonde kuchidziwa.

"Ndiye kuti ndidzadwala basi?"

"Ayi. Mwa amayi khumi amene ali nacho, asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri amadwala ya m'mawere nthawi ina pa moyo wawo. Ena sadwala konse. Ubwino wodziwa ndi wakuti tizikupimani kawirikawiri, muzipita ku Blantyre kukajambulitsa mawere, kuti kanthu kakayamba tikapeze kakadali kakang'ono. Za mazira tidzakambirana mukamaliza kubereka. Koma ena akadziwa sagona tulo. Muli ndi ufulu wokana, ndipo mukakana tizikuyang'anirani ngati kuti muli nacho."

"Nanga mwana wanga? Ali Sitandade 4."

"Ana sitiwapima. Izi sizivuta paubwana. Akadzakula adzasankha yekha."

Lusia anapempha kuti akaganize. Kunyumba anauza amuna ake, amene anangofunsa ngati ndi zopatsirana. Atamva kuti ayi, anati achite zimene mtima wake ukufuna. Kwa masabata angapo ankayeza usipa m'mbale maganizo ali kwina. Potsiriza anaona kuti kukayikira kukumudya kuposa mmene yankho lililonse lingamudyere, ndipo anakapereka magazi.

Anabwerera kukamva nthawi yokolola. A Zubair sanazungulire.

"Mulibe. Munatenga kabwino ka abambo anu. Mwana wanu sangatengere kwa inu chimene mulibe."

Lusia anapuma mozama. Anayembekezera kuti aseka, koma anayamba kulira, ndipo amene ankamulirira anali Celestina. Awiriwo anakulira pa mkeka umodzi, kudya mbale imodzi. A Zubair anamusiya alire, kenako anamukumbutsa kuti khansa wamba ingathe kumugwirabe ngati mayi wina aliyense, choncho akamva kambulu asachedwe.

Celestina atamva anamumenya kambama kopepuka paphewa. "Ukulira chiyani? Ukanadwala nawenso, ana angawa akanawalera ndani ndikakhala ku Blantyre?"

A Avelino anakana kupimitsa magazi. Anati akudziwa kale. Anavomera zoti azikaonetsa njira ya mkodzo, atauzidwa kuti amuna otere khansa ya kumeneko imawavuta, komanso kuti bere la mwamuna nalo likhoza kudwala. Koma chimene chinawasowetsa mtendere chinali china.

"Mateus ali ndi ana aakazi awiri. Palibe chimene akudziwa."

"Muwaimbire foni," anatero a Esime.

"Nkhani imeneyi si ya pa foni."

Anapita ndi Lusia, kudzera ku Namwera mpaka pa Chiponde, n'kuwoloka kupita ku Mandimba. A Mateus anapha nkhuku. Atadya, a Avelino anayamba kufotokoza, koma anasokonekera pakati, ndipo Lusia anapitiriza, akusakaniza Chichewa ndi Chiyao. Ananena zimene anauzidwa: kuti a Mateus mwina ali nacho, mwina ayi, ndipo ana awo angakhale nacho pokhapokha ngati bambo awo ali nacho.

Mwana wamkulu wa a Mateus, Dorika, anapukusa mutu. Anati ali bwinobwino, ndipo safuna kuitana matenda powatchula. Lusia sanamukakamize. Anangomupempha kuti akadzamva chachilendo m'bere apite msanga kuchipatala, akanene za agogo ndi azakhali.

Wamng'ono, Nasra, amene anakwatiwa ndi Msilamu wogulitsa nsalu, anasendeza mpando pafupi.

"Tabwerezani za tiwiri tija. Ngati kena n'kabwino, bwanji sikagwira ntchito kokha?"

"Akuti kamagwira, mpaka nako kadzawonongeke penapake m'thupi. Mpamene khansa imayambira. Koma mukafunse bwino namwinoyo."

"Amabwera liti?"

Anagwirizana kuti mwezi wamawa Nasra adzafikira kwa Lusia pa boma. A Avelino ndi a Mateus anali atatuluka panja, akukangana za chaka chimene mlongo wawo wosowa uja anabadwa.