Petronella Sabweranso ku Croydon

Marjorie Chisenga adamva nkhaniyo kuchokera kwa bwana wake, ndipo icho n'chimene chidamuwawa koposa. Anali wachiwiri kwa manejala pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Croydon. Lachiwiri m'mawa, atangomaliza kugawa mankhwala, manejala, mayi wachizungu dzina lake Mrs Pallister, adamuitanira mu ofesi n'kumupatsa pepala.

"Mnzako Petronella uja watithawa," adatero manejalayo m'Chingerezi, nkhope ili gwa. "Koma ndi mtsikana waulemu. Ena amangoti zii, osayankha ngakhale foni."

Marjorie adawerenga ali chiimire. Kalatayo inali yaifupi, yotayipa bwino, pamwamba pali dzina la ntchito imene Petronella adafunsira, ya unamwino. Ankathokoza chifukwa chomuitana ku intavyu ndi kumuonetsa nyumba yonse. Kenako ankati wavomera ntchito kwina, choncho akupempha kuti dzina lake lichotsedwe pa anthu amene akuganiziridwa. Adati walemba msanga kuti asawatayitse nthawi, adapepesa chifukwa cha vuto limene zimenezi zingabweretse, n'kuwafunira zabwino zonse. Kumene akupitako sadatchule. Dzina la Marjorie nalonso munalibe.

Petronella anali mwana wa mnzake wa Marjorie wa ku sukulu ya unamwino ku Blantyre. Atatsika ndege m'nyengo yachisanu, ali ndi juzi lopyapyala, ndi Marjorie amene adakamutenga. Adamugoneka m'chipinda cha ana mpaka atapeza pake ku Peckham, adamuphunzitsa kukwera thiramu, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, adamupezera malo ochitira maphunziro amene manesi ochokera kunja ankachita asanalembetsedwe kuno. Pamene pa nyumbapo padapezeka mpata, Marjorie adamuthandiza kudzaza mafomu. Pa gulu lofunsa mafunso sadakhalepo, poti ankamudziwa, koma adamuchitira umboni pamaso pa manejala, nati, "Uyu ndi mwana wanga, sangakugwiritseni fuwa lamoto." Chidangotsala chinali makalata a umboni ochokera kumene adagwirako kale, kuti amulembere zomupatsa ntchito ndi kuyamba kumufunsira pemiti yogwirira ntchito.

"Sadatilonjeze kanthu, ifenso tinali tisanamulonjeze," adatero Mrs Pallister. "Muimbire uja adakhala wachiwiri pa intavyu ngati akadalipo. Umuyankhenso Petronella, umuthokoze. Tsiku lina adzatifuna, kapena ife tidzamufuna."

Wachiwiriyo anali mnyamata wa ku Zambia, Fidelis, amene Marjorie yemweyo adanong'oneza manejala kuti akuoneka wosakhazikika. Adamuimbira, mawu akutuluka mokakamiza. Mwayi wake mnyamatayo anali asanapeze kwina, ndipo adathokoza mobwerezabwereza mpaka Marjorie adachita manyazi.

Tsiku lonse ankangoona deti limene linali pamwamba pa kalata ija. Linali Lamlungu. Lamlungu lomwelo Petronella adabwera kunyumba atatuluka m'tchalitchi, adadya, adatsuka mbale, adaluka tsitsi la mwana wamkazi wa Marjorie akuseka nkhani za kwawo. Marjorie adamuuza kuti yunifolomu amugulira yekha, iye n'kungoti, "Zikomo, anti."

Madzulo adafika kunyumba n'kupeza mwamuna wake Biswick akusita malaya, pokonzekera kukayendetsa basi.

"Mwamva za Petronella?" adafunsa Marjorie, asanavule n'chikhoti chomwe.

Biswick sadadzutse mutu. Simbi idangoyenda uku ndi uku pa kolala.

"Ati walemba kalata. Yaulemu kwabasi. Akupepesa chifukwa cha vuto limene zingabweretse." Marjorie adaima. Mawu amenewo ankawadziwa. Ndi mmene Biswick ankamalizira makalata ake onse, kaya opita ku khonsolo, kaya kwa mwini nyumba. "Bambo a Atikonda, kalata imeneyi adalembera kuti?"

"Pa kompyuta apa," adayankha Biswick chapansipansi. "Iwe utapita kukaperekeza Mayi Phiri a ku tchalitchi aja ku siteji."

"M'nyumba mwanga?"

"Adandipempha kuti ndimuonere Chingerezi. Chipatala cha boma cha ku Greenwich chamutenga, chamulembera kale, pemiti achita okha. Iye amafuna kungokhala chete mpaka anthu anu atatopa. Ndine ndidamuuza kuti zimenezo n'zimene zingakuyalutse. Ndidati alembe lero lomwe, athokoze, anene zoona, asachulutse zifukwa."

"Ndiye mudandiganizira, eti?"

"Ndidamuuza kuti ayambe wakuuza iweyo. Adati akuimbira."

"Nanga inu pakamwa panu padatupa? Lolemba lonse mudakhala nane pano."

Biswick adazimitsa simbi. "Sinali nkhani yanga."

Marjorie adalowa kukhitchini n'kuimba foni. Idaitana nthawi yaitali.

"Anti," adatero Petronella, kumbuyo kukumveka phokoso la mabasi a ku Peckham. "Ndimati ndikuimbireni."

"Mzungu udamulembera. Ine ndimve kwa mzungu?"

"Ndimaopa, anti. Ndidayamba kangapo Lamlungu lija. Inu mumangonena za yunifolomu."

"Udafunsira liti ku Greenwich?"

"Ndisanafunsire kwanu."

Marjorie adakhala pansi. Ndiye kuti madzulo onse aja amene adakhala naye pa tebulo, kumufunsa mafunso a intavyu ndi kumukonza mayankho, ankamunolera mpeni wokadulira kwina.

"Udandiona chitsiru."

"Ayi, anti. Ine ndimafuna ku wodi, kumene ndingaphunzire zambiri. Komanso kwanuko ndikadakhala mwana wanu mpaka kalekale. Ndikalakwa, mlandu ukadafika kwa amayi kumudzi dzuwa lisanalowe. Sindikadatha kukukanirani shifiti ngakhale imodzi."

"Ukadandiuza zimenezo, ndikadakwiya tsiku limodzi basi."

"Simukadandilola."

Marjorie adadula foni. Biswick adatuluka mwakachetechete, chakudya chake chakuntchito chili chikhalire pa tebulo, ndipo Marjorie sadamuitane.

M'mawa mwake adakhala pa kompyuta ya mu ofesi kuti ayankhe monga adamuuzira manejala. Adalemba kuti kalata ailandira, dzina lake alichotsa, akumuthokoza powadziwitsa msanga, ndipo akumufunira mafuno abwino pa ntchito yatsopano. Adawerenga kawiri. Munalibe bodza, koma munalibenso chimene chinali mumtima mwake. Adasiya malo oti manejala asaine, poti dzina lake sadafune kuti lioneke.

Fidelis adayamba ntchito mwezi wotsatira. Anali wofatsa ndi okalamba, ndipo Marjorie ankamupatsa ulemu woposa umene mnyamatayo ankamvetsa chifukwa chake. Amayi a Petronella adaimba kuchokera kumudzi kudzathokoza kuti mwana wapeza ntchito ku chipatala chachikulu, akuganiza kuti ndi Marjorie wamupezera. Iye sadawawongole.

Ku tchalitchi Petronella adayamba kukhala kumbuyo. Ankabwerabe kudzapereka moni, manja awiri, bondo lopinda, ndipo Marjorie ankayankha bwinobwino, kumufunsa za ku wodi ndi za chimfine. Nthawi ya Khirisimasi mbusa adalengeza kuti kukubwera nesi wina wachitsikana wochokera ku Zomba, amene akusowa pofikira kwa masabata ochepa. Mitu ya azimayi idatembenukira kwa Marjorie, monga mwa masiku onse. Biswick naye adamuyang'ana cham'mbali. Marjorie adatsegula buku la nyimbo n'kuyamba kufufuza nambala imene anali asanalengeze.