Mapasipoti Ali ku Cape Town

Fomu ya kampani ya ku Germany imene imatitumizira alendo inafika Lachiwiri m'mawa. Nditafika pa funso lachisanu, ndinaliwerenga kawiri: "Pa miyezi khumi ndi iwiri yapitayi, zambiri za alendo athu zasungidwa m'dziko liti?"

Ine ndine Naima, woona za makompyuta pa loji ina kufupi ndi Makokola. Mayina a alendo, manambala a foni ndi zithunzi za mapasipoti sitisunga pa lojipo ayi. Timachita lendi malo pa maseva, makompyuta osungira zinthu, a kampani yaikulu yakunja, ndipo dera losungira umasankha wekha. Mgwirizano wathu ndi Ajeremani unanena mosapsatira kuti kuziona pa risepushoni tingathe, koma zisungidwe kwawo ku Frankfurt basi.

Ndiye Frankfurt ndi kutali. Keti wa pa risepushoni ankati akadina dzina la mlendo, kompyuta inkayamba yaganiza kaye. Manijala wathu, a Atumani, anthu oti mzere wa alendo atatu amauona ngati maliro, anandikalipira mu Epulo kuti ndikonze msanga. Ndinakopera zonse ku dera la Cape Town, ku South Africa, komwe kuli pafupiko, n'kufufuta za ku Frankfurt. Zinayamba kuthamanga, aliyense n'kumanditama. Mgwirizanowo sindinautsegule n'komwe.

Fomu ija ili m'manja, ndinalowa mu ofesi ya a Atumani, n'kufotokoza zonse.

"Iwe Naima, si ungozibweza lero lomwe, n'kulemba kuti Frankfurt?" anatero a Atumani, akutseka chitseko.

"Bwana, funsoli likuti miyezi khumi ndi iwiri. Akufunanso lipoti lochokera ku kampani ya maseva. Limasonyeza dera ndi tsiku."

"Astaghfirullah. Theka la zipinda zathu amadzaza ndi anthu amenewa, ukudziwa?"

Ndinkadziwa. Ndinkadziwanso kuti Ajeremaniwo ali ndi lamulo la kwawo, losalola kuti zambiri za anthu awo zipite dziko lina popanda mapepala oyenera. Za Cape Town sitinasainirane chilichonse. A Atumani anandikankhira fomuyo osandiyang'ana. Posaina panali dzina langa lokha.

Ndinachita mantha kwambiri, moti ndinalephera kulemba tsiku molondola kawiri. Koma ndinalemba: Cape Town, kuyambira pa 9 Epulo. Masiku awiri otsatira ndinakopera zonse kubwerera ku Frankfurt, n'kufufuta za ku Cape Town ndi makope osungira omwe.

Yankho linabwera Lolemba. Anathokoza kuti tanena zoona. Alendo onse a mu Julaye awapititsa ku loji ina, mpaka maloya awo atamaliza kuunika nkhaniyi. Pofika Lachitatu, a Atumani anali atauza operekera zakudya asanu ndi mmodzi kuti ayambe akhala kaye kunyumba. Za ntchito yanga sanandiuze kanthu, ndipo mpaka lero akandiimbira foni ndimangoti basi, andichotsa.

Sabata yoyamba ya Julaye ndinadutsa pa risepushoni. Keti, amene sankadziwa chiyambi cha zonsezi, anandikodola.

"Achemwali, kompyuta ija yayambanso kuchedwa. Simungaikonze ngati muja munachitira mu Epulo?"

Ndinayang'ana kutsogolo kwa tebulo lake. Panalibe mlendo ndi mmodzi yemwe woti adikire.