Mawu Makumi Awiri a Mng'ono Wanga

Tsiku limene ndinkachoka, zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, mng'ono wanga anandigwira dzanja pa siteji ya basi. "Achemwali, mundilonjeze chimodzi. Mukadzabwera, musadzandikonzenso pamaso pa bambo."

Ndinalonjeza mosavuta. Wopita kunja ndinali ine, ndipo amene bambo ankamutcha Dikishonale ndinali ine ndemwe.

Bambo anaphunzitsa Chingerezi moyo wawo wonse. Tili ana, Loweruka lililonse ankatikhazika patebulo lodyera n'kumatiyesa kalembedwe ka mawu. Mng'ono wanga akalakwa, ine ndinkakweza dzanja ngati tili m'kalasi. Analira kangapo konse patebulo limenelo.

Nditabwerera ndinalipeza lilipobe, mwendo umodzi atauchirikiza ndi katoni yopinda. Mtengo wa pakhomo anadula, ati unkagwetsa masamba ambiri. Pampando wanga pankakhala mng'ono wanga, tsopano mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu yomwe bambo anapumira. Cholembera chofiira cha bambo, chimene tili ana sitinkaloledwa ngakhale kuchinunkhiza, chinali chitakolekedwa pa bulawuzi yake.

Lamlungu masana anatulutsa mapepala awiri ofanana. Ahedi anali atamupempha kuti akonze mayeso a makalasi onse atatu, mawa lake akasindikize. Panali mawu makumi awiri, aliwonse ndi mpata pakati: bel__ve, rec__ve, f__ld, choncho mpaka pansi. Mwana azilemba ie kapena ei. Maso a bambo anafooka, ndiye iye ankawawerengera.

"Tiuzeni lamulo kaye, madamu," anatero bambo, manja pamimba.

"I amatsogola, e pambuyo, monga mu believe ndi field. Koma pambuyo pa c amasinthana, monga mu receive ndi ceiling. Zikamamveka ngati za mu weigh, e amatsogolanso."

"Nanga zigawenga?" Ndi mmene bambo amatchulira mawu okana lamulo.

"Ndaikamo seize ndi weird, amene ali ndi ei popanda c. Ndaikamonso science, ancient ndi species, amene amakakamira ie ngakhale c alipo."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Aluma fumbi anawo! Bwereza, Dikishonale."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Kenako ndinaona kumene analoza nkhope. Sankanena ine.

Ndinakoka pepala lachiwirilo. Ndinali kufunafuna cholakwika, sindibisa, ndipo m'kalembedwe munalibe ngakhale chimodzi. Mwanayu anakula ndithu. Choncho ndinatenga pensulo n'kudziyesa mwana waulesi wa kumbuyo kwa kalasi, uja sadziwa lamulo, sadziwa zigawenga, amangodikira belu. Ndinalemba ie m'mipata yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osawerenga n'komwe. Kenako ndinadzichongera. Ndinalakwa receive, ceiling, weigh, seize ndi weird basi. Khumi ndi asanu pa makumi awiri. Ngakhale zigawenga zitatu zija zinandipatsa malikisi aulere.

Mumtima munazizira bwino, ngati ndamwa madzi a mufiriji.

Mng'ono wanga anasuzumira pepala langa. Si wopusa. Maso ake anatsika ndi mzere wa ie uja, n'kuima pa nambala imene ndinaizunguliza pansi.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "bwerani mundithandize kutsuka makapu."

"Makapu ndatsuka kale."

"Ndiye mapoto."

Kukhitchini tikanamaliza nkhaniyo m'mphindi zisanu. Kuchotsa niece, chief ndi thief ndi ena awiri, kuikamo height, foreign, leisure, deceive ndi neighbour, kuti ie ndi ei zilingane. Mayeso anali asanasindikizidwe. Palibe akanadziwa. Koma sindinanyamuke patebulopo.

"Mukunong'onezana chiyani, atsikana inu?" anafunsa bambo. "Maso ndi amene anatha, makutu akadalipo."

"Palibe, bambo. Achemwali akungoseweretsa pensulo."

"Asiye. Kumene anali kuja makina ndi amene amawalembera, anaiwala zonse." Anatambasula dzanja n'kusisita pepala la mng'ono wanga monga ankasisitira mutu wanga kale. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili pa bolodi, mndandanda wakuthwa chonchi sindinaulembepo. Mawa ukawauze ahedi kuti ndaudalitsa ine."

Mng'ono wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo. Sanaponde mwamphamvu, anangoika phazi lake pa langa n'kulisiya pomwepo.

Ndinachotsa phazi langa.

"Bambo, pa mawu makumi awiri amenewa, mwana wosadziwa kanthu, wongolemba ie paliponse, apeza angati?"

Bambo anayamba kuwerenga ndi zala, milomo ikugwedera. Atafika pa dzanja lachitatu anasiya kumwetulira.

"Khumi ndi asanu," ndinatero. "Mayeso a madamu sakuyesa kanthu."

Ndinamukonza pamaso pa bambo.