Tambala wa m'Gulu la Atelala

Mdalayo anthu ankangomutchula kuti Amakina, poti zaka makumi atatu zinamuthera akukonza makina osokera. Kashopu kake kanali kopanikizika ngati thumba la malaya. Munali benchi imodzi, zitini za masikuluu, ndi mitu ya makina yondandalikidwa pansi, uliwonse ndi kapepala ka mwini wake. Anali munthu wokhutira. Tiyi wake ankamwa ataima, ndipo makina akalira bwino ankamwetulira yekha.

Makasitomala ambiri ankawapeza m'gulu la atelala la pa intaneti, momwe munali anthu zikwi zinayi. Lolemba lililonse ankalembamo maganizo ake: kuti makina akale achitsulo amaposa atsopano apulasitiki, kuti singano yopindika si yowongola koma yotaya, ndiponso kuti mafuta ophikira asayandikire makina, chifukwa akakhalitsa amamata ngati ulimbo. Wina akawerenga ankaimba foni, mawa lake makina ali pabenchi.

Ndiye kunabwera Tambala. Dzina lenileni analibe, pachithunzi panali tambala wofiira basi. Amakina akangolemba, iye anali atafika kale.

"Agogo Dzimbiri ayambapo ulaliki. Nanga magalasi mwawapeza lero?"

Amakina anali ndi chizolowezi cha ntchito yawo: phokoso lililonse lili ndi sikuluu yake, ukaipeza n'kuimanga, phokoso latha. Choncho ankamuyankha Tambala ngati kasitomala amene sanamvetse. Ankalemba ndime zitatu, kufotokoza za zaka zake pantchito, mpaka kujambula satifiketi yake yakale. Tambala ankabweza mawu anayi ndi tinkhope toseka. Mdala n'kupsa mtima, n'kumutchula mwana wosaleredwa. Tsiku lina anamubuloka, koma m'mawa mwake kunatulukira tambala woyera, wa akaunti yatsopano, akulengeza kuti agogo athawa. Anayambiranso.

Lachinayi lina adimini wa gululo, mayi wosoka mayunifolomu, anamulembera kumbali: "Bambo, timakulemekezani, koma ili ndi chenjezo lachiwiri. Anthu akudandaula kuti akatsegula gulu akungopeza mkangano wanu pamwamba. Likafika chenjezo lachitatu, tikuchotsani nonse awiri."

Amakina anawerenga kawiri, tiyi n'kumuzizirira m'manja. Tambala akachotsedwa adzangomera nthenga zina. Koma iye akachotsedwa, benchi idzakhala yopanda kanthu.

Khomo loyandikana ndi kashopu kake linali la mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, telala wa madiresi aukwati. Analowa mapini ali pakamwa, atanyamula makina ake.

"Alamu, makinawa akudumpha posoka. Komanso nkhope imeneyo bwanji, mwameza bobini?"

Anamupatsa foni. Mayiyo anachotsa mapini, nawerenga akutsitsa ndi chala, kutsitsa, kutsitsabe.

"Zonsezi mwalemba ndinu? Mkulu wanga kumufunsira simunalankhule mawu ochuluka chonchi."

"Akunama pamaso pa anthu. Ndizingomuyang'ana?"

"Wanama chiyani? Magalasi mumatayadi."

"Wanena kuti mafuta ophikira alibe vuto."

"Eya, pamenepo pali nkhani. Zinazi ndi utsi." Anakhala pa chitini chachikulu cha penti. "Inu mukuganiza kuti munthuyu sakumvetsa. Akumvetsa bwinobwino. Chimene akufuna ndi kukuonani mukuvina. Ndipo mukamuyankha, nkhaniyo imakwera pamwamba, anthu ambiri n'kumuona. Mukumulipirira holo, alamu."

"Ndiye nditani? Kubuloka ndinabuloka."

"Munabuloka, koma atabwera ndi nthenga zina munamulandira ndi manja awiri."

Anavundukula makina ake, nasolola bobini ya ulusi wapansi, n'kuiika m'dzanja la Amakina. Kenaka analowetsa kansalu, napukusa gudumu ndi dzanja. Singano inakwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Atakoka nsalu, ulusi unangosololoka, kusiya timabowo tokha.

"Izi mukundiphunzitsa ine?" anatero mdala.

"Ndinu munandiphunzitsa. Ulusi wapamwamba pawokha susoka. Bobini wa mnyamatayu ndinu."

Amakina anaseka mosafuna. Anagwirizana zochita. Ayankha kamodzi kokha, ndipo osati kuyankha Tambala, koma atelala amene akuwerenga mwakachetechete, amene mwina botolo la mafuta ophikira lili kale m'manja. Osatchula dzina lake, osatchula za magalasi, osadziteteza.

Kulemba kwake kunali kovuta kuposa kumasula sikuluu yadzimbiri. Analemba mizere khumi ndi iwiri, mlamu n'kudula.

"'Anthu ena opanda ulemu' chotsani."

"Koma sindinamutchule."

"Adzadziwa kuti ndi iye, adzasangalala. Chotsani. 'Zaka zanga makumi atatu' chotsaninso, makina sadziwa zaka zanu."

Pashelefu panali shato, mokhala bobini muja, ya makina ena amene anabwera atauma gwa, yokutidwa ndi phula lachikasu. Anaijambula pafupi ndi ina yoyera. Pansi pake panatsala mawu awa: "Yakumanzere inathiridwa mafuta ophikira kwa chaka, yakumanja mafuta a makina. Sankhani nokha. Amene makina ake akulemera popukusa afunse pano, ndimuthandiza."

Kenaka anajambula sikirini ndemanga zonse zachipongwe, za tambala wofiira ndi woyera yemwe, masiku ake akuoneka, n'kuzitumiza kwa adimini kumbali. Anawonjezera mzere umodzi: "Nanenso ndinalakwa pomutukwana, sindibwerezanso."

Sipanathe mphindi khumi, foni inanjenjemera. Anali Tambala.

"Agogo ajambula zonyansa za m'khutu mwawo."

Chala cha mdala chinanyamuka chokha. Mlamu anangokhosomola.

"Mawu awiri okha, alamu," anapempha mdala.

"Ngakhale kankhope kokwiya. Nakonso ndi yankho. Zimitsani belu la positiyo, muziiona nthawi imene mwafuna inu, osati imene wafuna iye."

Anazimitsa, naika foni m'chitini cha mabobini, n'kutseka. Anatembenukira makina a mlamu. Vuto linali laling'ono: singano inalowetsedwa chotembenuza.

"Telala wamkulu ngati inu?"

"Ndimafuna ndikuoneni ngati mukadali ndi maso."

Madzulo ake, asanatseke, anatsegula chitini. Tambala anali atalembanso kanayi. Koyamba nthabwala, kachiwiri nthabwala yomweyo ndi zilembo zikuluzikulu, kachitatu "Agogo mwafa?", kachinayi chizindikiro chofunsa chokha. Palibe anamuyankha, kupatula telala wina amene anayamba kumukalipira. Amakina anamulembera ameneyo kumbali, kumuthokoza ndi kumupempha kuti angomusiya.

Pakati pa zonsezo panali ndemanga ya mayi wina wosoka makatani: "Bambo, ine ndakhala ndikuthira ophikirawo. Nditani?"

Apa mdala anakhala pansi bwinobwino, navala magalasi. Anamuuza kuti atsuke ndi palafini pang'ono, apukuse gudumu mpaka lipepuke, apukute, kenaka adonthezere mafuta a makina, dontho limodzi pabowo lililonse. Ndemanga ya Tambala inali pamwamba pomwepo, ikumuyang'ana. Anaidutsa ngati mmene umadutsira galu wogona pakhomo la eni.

Masiku awiri otsatira Tambala anayesabe, koma mawu ake ankafupikirafupikira. Loweruka adimini analemba: "Taona zimene munatumiza. Akaunti zonse ziwiri tazichotsa, ndipo olowa atsopano tiziyamba tawaona kaye. Inu pitirizani za Lolemba zija."

Amakina anakauza mlamu wake ataima pakhomo, kapu ili m'manja.

"Akhoza kubweranso," anatero mayiyo, osadzutsa mutu pa diresi.

"Abwere. Kodi nkhani ya Lolemba ndilembe za malamba kapena za singano?"

"Za singano. Koma musatchule dzina langa."