Dontho lofiila pa dimba la Eneless

Amene anamulakwila Eneless ndi aKabaso. Cosmas Kabaso, mkulu wa bungwe lija logawa mapampu a sola ku Petauke ndi ku Nyimba. Anatenga nkhope ya mwamuna wake womwalila n'kuiika patsogolo popempha ndalama, ndipo chakumapeto analemba kuti pampu ya pa dimba pake ichotsedwe. Anachita zonse ziwili tsiku limodzi, pa khoma limodzi, mwini wake ali pompo atavala chitenge cha bungwe lomwelo.

Pampuyo inafika ku Nyampande chaka chatha. Polemba maina a bungwewo anafunsa mutu wa banja, ndiye analemba aJosphat, amuna ake. Koma aJosphat anali munthu wa njinga, wopita ndi matimati ku boma. Wothilila, wopalila, wopukuta fumbi pa sola anali Eneless. Chimanga chitauma m'minda, aJosphat anadwala chifuwa, sanachile. Abale awo anabwela kuchoka ku Kaumbwe, anasonkhanitsa njinga, makasu, jekete ndi wailesi n'kutsekela m'chipinda. Pampu nayo anaitsekela, poti inali m'dzina la malemu. Katundu wa womwalila sakhudzidwa abale asanakhale pansi kugawa, ndipo mkazi wamasiye sapita ku dimba asanam'masule. Kuno ngakhale wogulitsa makala adziwa zimenezo. Lepu inauma, anyezi anagona, mbuzi zinatsiliza zotsala.

Nthawi yomweyo m'pamene kunabwela Mildred Chibuye, mtsikana wa ku ofesi woyendela madimba, wokulila ku matauni a ku migodi. Anafikila ku dimba pa njinga yamoto, anajambula mizele youma, anafunsa munthu wodutsa kuti aJosphat ali kuti. Atamva kuti anamwalila, anagogoda pa foni yake n'kupita. Ku nyumba ya malilo sanapatuke.

Abale atagawa katundu, Eneless anachita kulimbana nawo kuti pampu ndi ya bungwe, si ya malemu. Anam'siyila monyinyilika. Anabwelela ku dimba, anafesa nazale, madzi anayambanso kuthamanga mu paipi. Kenako kunabwela uthenga wakuti alimi ena, Eneless mmodzi wa iwo, apite ku boma. Eni ndalama a kunja afuna kuona m'mene nchito iyendela.

Anawakhazika mu holo ya loji, mizele iwili kumbuyo kwa tebulo, onse m'vitenge vofanana. Pa tebulo, pomwe panakhala aKabaso ndi Mildred, panali kompyuta ndi kamakina koponya zithunzi pa khoma. M'ngodya ya khomalo munali kabokosi, m'menemo mayi wachizungu wa magalasi, dzina lake Jennifer, ali kwawo kutsidya la nyanja, akumwa tiyi.

“Amai ndi abambo, nchito yanu lelo ndi yopepuka,” anatelo aKabaso. “Ndikakweza dzanja muombe m'manja. Mafunso tikambilana pa chakudya.”

Eneless anakhala pafupi ndi Yvonne, mlembi wa gulu lawo, amene amamva Chingelezi. Eneless sukulu analekela giledi sikisi. Zilembo aziwelenga, koma Chingelezi chothamanga chimam'dutsa.

Tsamba loyamba linawala pa khoma. AJosphat! Khoma lonse aJosphat, atagwila paipi, madzi akuthovoka, mano onse panja. Shati ija ya mizele yomwe mlamu wake anaitenga pogawa.

“Atate a Rita,” ananong'ona.

“Khalani chete, mlongo,” anatelo Yvonne, atam'gwila bondo.

“Alemba chiyani pansi apo?”

“Akuti mlimi wa ku Nyampande, moyo wake wasintha.”

“Wasinthadi. Ali kumanda.”

AKabaso anali kuthamanga ndi masamba. Linabwela la zotsatila. Yvonne anamasulila chapansipansi: analonjeza mapampu makumi asanu ndi limodzi, onse anagawidwa, ambili akugwila nchito, asanu ayi. Panali mapu a madontho. Obiliwila ndi madimba amoyo, achikasu ndi odwala, ofiila ndi akufa. Pa Nyampande panali dontho limodzi lofiila, pambali pake chithunzi cha mizele youma. Eneless anazindikila mtengo wa mapeyala, ndi mpanda umene anaumanga yekha ndi manja ake.

Linabwela tsamba la bajeti. Mipilingidzo yojambula iwiliiwili, wina woonetsa zimene anakonza kuwononga, wina zimene anawononga. Pa mapampu inali yofanana. Pa maphunzilo yofanana. Pa maulendo, wachiwiliwo unapitilila mnzake. Jennifer anafunsa chifukwa, aKabaso anayankha mosavuta.

“Akuti mafuta anakwela,” anatelo Yvonne. “Ndiye ulendo wachiwili woyendela madimba anaufafaniza kuti asapyole kwambili.”

Ndiye kuti Mildred anabwela kamodzi. Kamodzi kokhako, pa malilo, n'kuweluza.

Tsamba lotsatila linali la zimene achite kutsogolo. AKabaso anakweza mawu pang'ono, monga munthu amene wafika pa nyama. Yvonne anasiya kumasulila.

“Kamba, iwe.”

“Tikamba panja.”

“Kamba pano!”

“Akuti mapampu asanu a madontho ofiila awatenga mvula isanagwe. Apita ku gulu latsopano ku Kacholola.”

AKabaso anakweza dzanja. Anthu anaomba m'manja. Eneless anaimilila, mpando unagwa kumbuyo kwake.

“Bambo Kabaso, bwezani chithunzi choyamba chija.”

“Amai, ndati mafunso pa chakudya.”

“Sindinabwelele nkhuku yanu. Bwezani amuna anga pa khomapo, muwauze amai a m'kabokosiwo kuti munthuyo ali kuti lelo.”

AKabaso anaseka kuseka kouma, anayang'ana m'kabokosi n'kunena kanthu m'Chingelezi. Yvonne, amene tsopano mantha anali atam'thela, anakamba mokweza: “Akuti mwakondwa maningi, mufuna kuthokoza.”

“Kuthokoza! Ine? Nkhope iyi ikuoneka yothokoza?” Eneless anadutsa pakati pa mipando n'kukaima kutsogolo kwa kompyuta, kuwala kwa kamakina kukum'menya pachifuwa. “Bambo, simunaphunzile kuti mudzanamile wamasiye m'chilankhulo chimene samva. Mildred! Iwe mwana iwe, unabwela pa dimba panga. Imilila umasulile. Ukachotsako liwu limodzi, Yvonne ali apa.”

Mildred anayang'ana abwana ake. Abwana anayang'ana tebulo. Jennifer anali ataika kapu pansi, akufunsa chimene chachitika. Mtsikanayo anaimilila, nayamba kumasulila.

Eneless sanazungulile. Anati munthu wa pa tsamba loyamba ndi mwamuna wake, ndipo dimba lofiila la pa mapu ndi lomwelo limene waimamo pa chithunzicho. Anati pampu inatsekeledwa ndi katundu wa malemu, iye ali m'nyumba akulila, monga achitila mkazi aliyense kuno. Anati wothilila kuyambila tsiku loyamba ndi iye, koma palibe amene anam'funsa dzina.

“Ukanapatuka ku nyumba, Mildred, ndikanakuuza. Unaona anthu pakhomo. Kwanu kulibe malilo?”

Mildred anamasulila ngakhale zimenezo, misozi ili m'maso. Kenako anawonjezela m'Chinyanja: “Pa fomu panali malo awili chabe, amai. Ikugwila kapena siikugwila.”

“Nanga pakamwa pako panali malo angati?”

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, n'kudzitseka ndi chitenge.

AKabaso anayesa kukonza. Anati chithunzicho aJosphat anavomeleza okha, anasaina ali moyo. Anati wokonza masamba anangosankha chithunzi chowala bwino, sanadziwe kuti ndi dimba lomwelo. Anati malamulo a bungwe akuti pampu yosagwila nchito ipite kwa ena, ndipo ku Kacholola kuli anthu akudikila.

“A ku Kacholola sindikangana nawo,” anatelo Eneless. “Ali pa msewu wa tala, motoka yanu siivutika kufika. Koma musawapatse chakudya cha ana anga. Ngati aJosphat ali moyo pa tsamba loyamba, pampu yawo muisiye. Ngati anafa pa tsamba lomaliza, achotseni pa khoma, mulembe ine. Sankhani chimodzi!”

Jennifer anagwila pakamwa. Anapepesa nthawi yaitali. Anati chithunzicho chichoke lelo lomwe, ndipo madimba asanu aja awayendelenso asanatenge kanthu. Za dzina anati ndi nkhani ya ofesi ya ku Petauke. AKabaso anati ndi nkhani ya likulu ku Lusaka. Anagogoda pa kompyuta, aJosphat anazimilika pa khoma. Kuchotsa munthu sikunatenge ngakhale mpweya umodzi.

Eneless anavula chitenge cha bungwe, anachipinda, anachiika pa tebulo. Nkhuku sanadye.

Motoka inafika ku Nyampande kutentha kuli pachimake. Munali aKabaso ndi Mildred. Anapeza pampu ikulila, lepu yofika m'mawondo, matimati atamangilidwa ku timitengo. Mildred anapeleka moni mogwada, anayamba wafunsa za ana, kenako anasintha dontho kukhala lobiliwila, namuonetsa Eneless pa foni.

“Pampu ikhala, amai,” anatelo aKabaso. “Pakali pano.”

“M'dzina la yani?”

“Zimenezo zili m'njila.”

“Njila ya ku Lusaka yatalika chaka chino.”

Maso a aKabaso anali pa lepu. Anayenda uku ndi uku, anayang'ana kumene kuli dzuwa, kenako anatulutsa foni.

“Amai Eneless, imani apo pa paipi. Nkhani yanu ndi yamphamvu. Wamasiye amene anadzutsa dimba! Pa lipoti likubwelali mukhala tsamba loyamba.”

Eneless anazimitsa pampu. Madzi anatsika mu paipi n'kukhala chete.

“Bwezani foniyo m'thumba. Nkhope ya m'nyumba mwanga munadyela kale imodzi. Iyi mudzaijambula tsiku limene mudzabwela ndi pepala la dzina langa.”

AKabaso ndi Mildred anabwelela opanda chithunzi, opanda pampu. Mvula yagwa, yatha, pepalalo silinafike. Pampu ikali m'dzina la munthu wa kumanda, ndipo mlamu wa ku Kaumbwe wayambanso kufunsa za iyo.

Tsono inu amene mumakhala kutsogolo kwa masamba amenewa, kaya ku boma, kaya ku Lusaka, kaya kutsidya la nyanja ndi tiyi wanu, Eneless safuna kupepesa kwina. Afuna yankho. Nkhope ya aJosphat munaichotsa ndi chala chimodzi. Chalacho chinathyoka liti kuti chilephele kulemba dzina la mkazi wamoyo? Ali pa dimba pake ku Nyampande, pansi pa mtengo wa mapeyala. Muyankheni!