Chingwe cha Anjelina

Nyumba ya bambo Namakhwa ku Bangwe inali yachisanu ndi chiwiri imene Anjelina anakaona sabata imeneyo. Anatsika minibasi mapazi atatupa, m'thumba la siketi muli kachingwe ka saka komwe anadula molingana ndi m'lifupi mwa njinga ya olumala. Mwamuna wake, Gregorio, anamudula mwendo kuchipatala chifukwa cha shuga, ndipo Lachisanu amayenera kutuluka. Kumene ankakhala ku Ndirande kunali m'mwamba mwa phiri, njira yake yokwera ndi manja omwe. Kumeneko njinga sikanafika.

Za mwamunayo anali atasiya kunena. Ku Zingwangwa atangotchula, mayi wa nyumba anakumbukira mwadzidzidzi kuti chipinda anapereka kale kwa mlamu wake. Ku Machinjiri anamuuza maso ndi maso kuti odwala savutika okha, amavutitsanso lendi. Kuyambira pamenepo Anjelina ankangoyeza zitseko mobisa, mwini nyumba akayang'ana kumbali.

Anjelina anawapeza bambo Namakhwa akusoka nsapato pakhonde. Anali mkulu wowonda, wa magalasi omanga ndi waya. Atapatsana moni analowa m'nyumba n'kutuluka ndi katoni yakale yolembedwa ndi inki yabuluu. Anafotokoza kuti aliyense amamuwerengera mawu omwewo, chifukwa anatopa ndi anthu onena kuti sanauzidwe.

Anayambira pamsewu penipeni, ngati kuti Anjelina sanadutsepo. Kuchokera pamsewu kufika pageti pali masitepe anayi otsika, anawerenga motero, ndipo nthawi ya mvula amaterera. Geti amakhoma naini koloko, koma wobwera mochedwa kuchokera kuntchito amapatsidwa kiyi wake. Pabwalo anaima pampopi n'kuutsegula. Unangotulutsa mpweya.

"Mwamva nokha," anatero. "Madzi amabwera akafuna, kawirikawiri mbandakucha. Amene alibe zigubu pano amalira."

Chipindacho chinali chakumapeto, chachitatu pamdadada. Lendi yake inali K45,000 pamwezi, kulipira miyezi iwiri polowa, kenako tsiku la faifi lisanadutse. Magetsi mita inali imodzi, mayunitsi amasonkherana mabanja onse, ndipo chifukwa cha chimenecho hotipuleti ndi ayironi yamagetsi zinali zoletsedwa. Anamuonetsa pansi pa simenti pomwe panang'ambika, zenera limodzi lomwe silitsekeka bwino ukapanda kulikankha ndi chigongono, ndiponso pakona pomwe lata linadontha mvula yapitayi. Anati anamatapo phula, koma sangalumbire mvula isanagwe. Siling'i munalibe, choncho mu Okutobala mumatentha, ndipo wailesi ya a Ramsey a chipinda chapakati imamveka ngati ili pamtsamiro pako.

Anjelina ankangoyankha kuti eya, eya. Anali asanaonepo landilodi wonyoza nyumba yake yomwe. Mkuluyo atawerama kuonetsa soketi, iye anatulutsa kachingwe msangamsanga n'kukatambasula pakhomo. Kanakwana, n'kutsala malo a zala ziwiri. Mtima unatsika pang'ono.

Anatuluka kuzungulira kuseri. Bafa ndi chimbudzi zinali za onse, kukolopa mosinthana, banja lililonse sabata yake. Mowa wogulitsa ayi. Alendo ogona kuposa masiku atatu anenedwe. Wofuna kusamuka anene kutatsala mwezi, naye mwini nyumba chimodzimodzi. Njira yopita kuchimbudzi inali yosalala, koma chitseko chake Anjelina anachiona ali patali kuti n'chaching'ono. Anadikira bambo Namakhwa atembenuze katoni yawo, n'kuyeza. Chingwe chinapitirira felemu ndi chikhatho chathunthu.

Anaima pomwepo chingwe chikulendewera m'manja. Anaganiza za ndowa m'chipinda, usana ndi usiku, ndi Gregorio amene moyo wake wonse sanalole ngakhale kumunyamulira madzi osamba. Anaganizanso za minibasi ina mawa, ndi bwana wake wa kushopu ku Limbe yemwe ananena kale kuti masiku opempha akwana.

Bambo Namakhwa anali atasiya kuwerenga. Ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, ena amayeza bedi, ena kabati. Koma amene amayeza chitseko cha chimbudzi ndinu oyamba. Mukufuna kulowetsamo chiyani?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanamupatsa kiyi tsiku lomwelo. Koma munthu amene wangokuonetsa podontha ndi mpopi wouma, kumunamiza kunamulemera kuposa kutopa kwake. Ananena zonse atayang'ana pansi: za shuga, za mwendo, za Lachisanu, za ku Zingwangwa. Anawonjeza kuti lendi adzalipira iye, monga mmene wakhala akulipirira chiyambire kudwala kwa bambo wa kunyumba. Atamaliza anayamba kukulunga chingwe pa chala, kukonzekera kumva za mlamu wina.

Mkuluyo anapempha chingwecho. Anayeza yekha chitseko cha chimbudzi, kenako cha bafa, kenako anapita mpaka kugeti, Anjelina akutsatira. Pobwerera anakhala pa njerwa n'kupukuta thukuta.

Anati zimene angathe anena, zimene sangathe anenanso. Felemu ya chimbudzi ndi yamatabwa ndipo khoma lake ndi la njerwa zomangira dothi. Kugumula mzere umodzi si nkhani, mmisiri angamalize tsiku limodzi. Yabafa ikukwana. Koma masitepe a pamsewu sangawasinthe, chifukwa pansi pake pamadutsa ngalande ya madzi a mvula, ndipo akaitseka madziwo adzalowa m'nyumba za anthu. Ndiye tsiku lililonse la kuchipatala, munthu ndi njinga yake adzafunika kunyamulidwa masitepe anayi. Iye msana unatha kale. A Ramsey ndi amphamvu, koma amachoka m'mawa kupita ku Chirimba, ndipo iye sangalonjeze m'malo mwa munthu wina.

"Lendi sinditsitsa, ndisakunamizeni. Inenso mankhwala anga ndimagulira pomwepa. Chitseko ndikonza ndi ndalama yanga, chifukwa chimbudzi n'changa. Masitepewo ndi anu. Muwaone bwino musanayankhe."

Anjelina anabwerera kumsewu yekha. Anatsika masitepewo pang'onopang'ono, n'kukweranso, n'kutsikanso. Sitepe lachiwiri linali lalitali kuposa anzake. Gregorio anali atawonda kwambiri m'chipatalamo. Pomutembenuza pabedi ankamva nthiti. Akanatha kumubereka kumsana, kumukhazika pamwala wa pamwambapo, n'kubwerera kudzatenga njinga. Kawiri pamwezi, masiku a kuchipatala. Mwamunayo adzachita manyazi, adzayang'ana kumbali anthu akamadutsa, koma kuchimbudzi adzapita yekha.

Anabwerera pakhonde n'kumasula mfundo ya chitenje momwe munali ndalama za miyezi iwiri. Bambo Namakhwa anapukusa mutu. Anati abwere nazo Lachinayi, adzayeze kaye chitseko chatsopanocho ndi chingwe chake. Chikakwana, ndiye alipire n'kutenga kiyi. Chingwe anachisunga mkuluyo kuti akamuonetse mmisiri.

Anjelina akutsanzika, mkuluyo anali atatenga kale cholembera. Pansi pa katoni, pomwe panatsala kamalo, anawonjeza mzere wa mlendo wotsatira, akutchula mawuwo chapansipansi: masitepe a pamsewu njinga ya olumala sidutsa popanda kunyamula.

Anjelina anakwera masitepe anayiwo atagwira bondo, n'kuima pamsewu kudikira minibasi ya ku Limbe. Nthawi yoona odwala inali itatsala pang'ono kutha, ndipo anali asanaganize mmene akamuuzire Gregorio za kuberekedwa.